Zomera zapakhomo zimene zili ndi poizoni kwa ana, agalu ndi amphaka

Mukayenda m'midzi yozungulira Kachebere, kufupi ndi malire a Malawi ndi Zambia m'boma la Mchinji, muona kuti makomo ambiri, madimba ndi makola anatchingidwa ndi mitengo yobzala. Pena pali nkhadze, pena msatsimanga, ndipo kuseri kwa khola kapena kudzala sikulephera kumera nsatsi. Anthu amakonda zomera zimenezi chifukwa mbuzi ndi ng'ombe sizizidya. Komatu chifukwa chimene ziweto zimazipewera n'chakuti zili ndi poizoni. Mbuzi imadziwa zimenezi, koma mwana wa zaka zitatu ndi kagalu kongomera mano sadziwa.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: chomera chimene chimawotcha m'kamwa nthawi yomweyo nthawi zambiri si chimene chimapha, chifukwa mwana amalavula n'kuyamba kulira. Zoopsa kwambiri ndi njere zimene sizipweteka potafuna, komanso zakudya zimene zimayamba kuwononga thupi patapita maola kapena masiku. Choncho musadikire kuti mwana kapena chiweto chiyambe kudwala kuti mudziwe ngati chadya chinthu choipa.

Msatsimanga: njere zokoma ngati mtedza

Msatsimanga, umene ena amautchula kuti jatirofa, ndi kamtengo ka nthambi zofewa zotulutsa madzi onanda mukazithyola. Kuti muone chithunzi chake pafoni, lembani Jatropha curcas. Unafala kwambiri cha m'ma 2008, pamene alimi m'maboma ambiri analimbikitsidwa kuubzala m'malire a minda kuti njere zake ziziyengedwa mafuta oyendetsera injini. Mitengoyo ikadalipo ndipo ikuberekabe.

Chipatso chake chimayamba chobiriwira, kenako chachikasu, n'kudzada chikauma. M'kati mwake mumakhala njere zakuda, kawirikawiri zitatu, ndipo mukaswa khungu lake mumapeza mnofu woyera wamafuta. Vuto lagona pamenepa: njerezo n'zokoma, ndipo mwana wa ku Mchinji, amene anazolowera kuswa mtedza, amaziona ngati mtundu wina wa mtedza. Ana sadya okha, amagawana. N'chifukwa chake poizoni wa msatsimanga amakonda kugwira ana angapo tsiku limodzi.

Mafuta a m'njerezi amatupitsa ndi kupsereza m'matumbo. Zizindikiro zimayamba pakangopita theka la ola mpaka maola awiri. Mwana amamva kutentha kukhosi, amasanza mobwerezabwereza, m'mimba mumapota, kenako amatsegula m'mimba mwamadzi. Njere zochepa chabe n'zokwanira kudwalitsa mwana wamng'ono. Palibe mankhwala opha poizoniyu, koma ana ambiri amachira m'tsiku limodzi kapena awiri akabwezeredwa madzi m'thupi. Chimene chimaika moyo pangozi ndi kutha kwa madzi m'thupi.

Tiyerekeze kuti zachitika pakhomo panu

Tinene kuti ndi masana, inu mwangobwera kumunda. Mwana wanu wa zaka zinayi wasanza katatu, ndipo mnzake wa nyumba yoyandikana nayenso akusanza. Mng'ono wawo wa chaka chimodzi ndi theka akusewera bwinobwino. Ana awiri akadwala pa ola limodzi, popanda kutentha thupi, ganizani kaye za chimene adyera limodzi.

Choyamba, afunseni mofatsa. Mwana amene akuopa kukwapulidwa amakana, kapena amachepetsa chiwerengero cha njere zimene wadya. Muuzeni akulozereni pamene amasewera. Mukapeza makoko akuda oswedwa pansi pa mpanda, mwapeza yankho. Yang'anani m'matumba mwake, m'kamwa ndi m'masanzi, chifukwa timaphisi toyera ta njere timaoneka.

Chachiwiri, werengani ana onse amene anali pamenepo. Wamng'ono uja, ngakhale akuoneka wamphamvu, mwina anapatsidwa njere pomalizira, ndipo iye ndiye amene madzi angamuthere msanga. Dziwitsani makolo a ana enawo nthawi yomweyo.

Chachitatu, chotsani zotsala m'kamwa, muwasambitse m'manja, ndipo sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Mwana wosakwana zaka ziwiri amafunika mamililita 50 mpaka 100 akangotsegula m'mimba, kumene kuli pafupifupi kota kapena theka la kapu. Wa zaka 2 mpaka 10 amafunika theka la kapu kapena kapu yonse. Mwetsani pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso. Woyamwa apitirize kuyamwa.

Chachinayi, nyamukani kupita kuchipatala chapafupi uku mukuwamwetsa m'njira. Tengani nthambi yokhala ndi masamba ndi zipatso, ndiponso makoko amene mwatola, m'pepala la pulasitiki. Kumbukirani nthawi imene anadya ndi nthawi imene anayamba kusanza. Zimenezi zimathandiza kwambiri, chifukwa kusanza ndi kutsegula m'mimba kotereku kumafanana ndi kolera, komanso ndi kwa mwana amene wamwa mankhwala opopera mbewu, pamene chithandizo chake n'chosiyana.

Ngati maso a mwana alowa m'kati, khungu la pamimba likuchedwa kubwerera mukalitsina, akulephera kumwa, wafooka moti akuvuta kudzutsa, kapena m'chimbudzi chake muli magazi, ameneyo akufunika diripi. Uzani azaumoyo zizindikirozi pofika pomwe, musaime pamzere.

Nsatsi: poizoni wochedwa kuoneka

Nsatsi ndi m'bale wake wa msatsimanga, koma n'zoopsa kuposa. Njere zake n'zosalala, zamawangamawanga, zooneka ngati nkhupakupa yokhuta magazi. Nthawi yadzuwa zipatso zake zouma zimaphulika n'kumwaza njere pabwalo pamene ana ndi tiagalu timasewera. Dzina lolemba pofufuza chithunzi ndi Ricinus communis.

M'njerezi muli poizoni wotchedwa lisini, amene amalepheretsa maselo a thupi kupanga mapuloteni, mpaka maselowo amafa. Khungu la njereyo n'lolimba, choncho njere yomezedwa yathunthu nthawi zambiri imangotuluka ndi chimbudzi. Yotafunidwa ndiyo imatulutsa poizoni. Funso lofunika kufunsa mwana ndi lakuti: "Unatafuna kapena unangomeza?" Koma yankho lililonse limene angapereke, pitani naye kuchipatala.

Kusiyana kwake ndi msatsimanga kuli pa nthawi. Mwana akhoza kutha maola anayi, asanu ndi limodzi, kapena kuposerapo akusewera, kenako n'kuyamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, nthawi zina mwamagazi. Zikafika poipa, chiwindi ndi impso zimawonongeka m'masiku otsatira. Kholo limene launa mwana ali bwino madzulo limaganiza kuti zatha, koma matenda amadzayamba usiku pamene mayendedwe avuta.

Mwina mukudabwa chifukwa agogo akhala akudzola mafuta a nsatsi kuyambira kalekale. Lisini salowa m'mafuta, amatsalira m'zotsalira za njere zosinjazo. Choncho ngati mumayenga mafutawa pakhomo, zotsalirazo musazitaye kudzala kumene agalu amafukula. Kumayiko ena agalu afa atadya manyowa opangidwa ndi zotsalira za nsatsi. Zikwirireni m'dzenje lakuya.

Oliyanda: maluwa okongola ogwira mtima

M'masukulu, m'matchalitchi ndi m'makomo a m'tauni mumabzalidwa timitengo tiwiri tamaluwa timene anthu ambiri sadziwa dzina lake. Koyamba kali ndi masamba aatali owonda ndi maluwa achikasu ooneka ngati belu, ndipo chipatso chake n'chobiriwira, chokhala ndi khokho lolimba m'kati. Kameneka ndi oliyanda wachikasu, Thevetia peruviana. Kachiwiri kali ndi masamba okhuthala ndi maluwa ofiirira kapena oyera ophuka m'magulu, Nerium oleander.

Mbali iliyonse ya mitengo imeneyi ili ndi poizoni wogwira mtima, ndipo masamba ake akauma poizoniyo sachoka. Pa oliyanda wachikasu, njere ndizo zoopsa kwambiri, moti imodzi kapena ziwiri zotafunidwa zikhoza kuika moyo wa mwana pachiswe. Ku Sri Lanka ndi ku India njere zimenezi zapha anthu ambiri, akuluakulu omwe.

Wodya amayamba ndi nseru, kusanza ndi chizungulire, kenako mtima umayamba kugunda pang'onopang'ono kapena modumphadumpha. Mungathe kuona zimenezi nokha. Ikani dzanja pachifuwa cha mwana kumanzere, muwerenge kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu poyang'ana wotchi ya pafoni. Mtima wa mwana wamng'ono amene ali maso umagunda koposa ka 80 pa mphindi. Ukatsika kufika pa 60, kapena ukamadumphitsa, imeneyo ndi ngozi yaikulu.

Koma musadikire kuti mtima usinthe. Vutoli likhoza kuonekera ngakhale patapita tsiku limodzi kapena awiri, kusanza kutasiya kale. Mwana amene watafuna njere kapena masamba a oliyanda ayenera kukaonedwa tsiku lomwelo kuchipatala chachikulu, monga cha boma ku Mchinji, kumene angamugoneke n'kumayang'anira mtima wake. Thanzi yekha sangathandize pamenepa. Agalu, amphaka, mbuzi ndi ng'ombe nazonso zimafa ndi masamba amenewa, makamaka akasadzulidwa n'kutayidwa pansi. Musagwiritse ntchito nthambi zake ngati mswachi, mpani wowotchera nyama kapena nkhuni, chifukwa utsi wake nawonso ndi woipa.

Nkhadze ndi maluwa a m'miphika: ululu wa nthawi yomweyo

Aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti utomoni wa nkhadze suyenera kufika m'maso. Ngozi imachitika ana akamathyola timitengo take posewera, kapena akamayandikira pamene bambo akusadza mpanda, kenako n'kutikita m'maso. Diso limatentha kwambiri, limafiira, limatupa, ndipo munthu akhoza kulephera kuona kwa masiku angapo.

Chithandizo chake ndi madzi, ndipo mphindi zoyambirira ndizo zofunika. Goneketsani mwana chammbali, diso lovulala likhale pansi kuti utomoni usapite kudiso linalo. Tsegulani zikope ndi zala zosamba, n'kumathira madzi aukhondo pang'onopang'ono kwa mphindi 15 mpaka 20 osalekeza. Imeneyi ndi nthawi yaitali kuposa mmene mungaganizire, ndipo kapu imodzi siikwana, konzani ndowa. Musathiremo mkaka wa m'mawere, shuga, mkodzo kapena madzi a masamba. Mukatha kutsuka pitani naye kuchipatala kuti akaone ngati diso lachita bala.

M'nyumba ndi pakhonde pamakhala maluwa a masamba akuluakulu amawanga oyera ndi obiriwira, monga Dieffenbachia, ndi ena ofanana ndi masamba a koko. M'masamba ndi m'tsinde mwake muli timinga tosaoneka ndi maso, tofanana ndi timene timachititsa koko wosapsa kuyabwa kukhosi. Mwana kapena mphaka akaluma, m'kamwa mumatentha, dovu limachucha ndipo milomo imatupa. Pukutani m'kamwa ndi kansalu konyowa, mum'patse madzi ozizira pang'ono. Nthawi zambiri zimatha zokha pakapita maola ochepa. Koma lilime likatupa, mawu akasasa kapena akamavutika kupuma, thamangirani kuchipatala.

Zimene anthu timadya koma zimadwalitsa galu ndi mphaka

Kwa ziweto za pakhomo, chomera choopsa kwambiri mwina chili m'khitchini mwanu momwemo. Anyezi ndi adyo zimaphwanya maselo ofiira a magazi a galu ndi mphaka, ndipo kuphika, kukazinga kapena kuumitsa sikuchotsa poizoniyo.

Madokotala a ziweto amaona kuwonongeka kwa magazi mphaka akadya magalamu 5 a anyezi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, ndipo galu akadya magalamu 15 mpaka 30. Mphaka wolemera makilogalamu 3 amangofunika magalamu 15, amene ndi supuni imodzi yaikulu yodzaza anyezi woduladula. Galu wa makilogalamu 12 amayamba kuvulala ndi magalamu 180, pafupifupi anyezi awiri apakatikati. Msuzi pang'ono wonyowetsera mkute sufika pamenepo. Koma ganizirani galu amene wapatsidwa zotsala zonse za paukwati kapena pamaliro, kapena amene amadya zotsala za pachiwaya cha tchipisi tsiku ndi tsiku, poti kuwonongeka kwake kumaunjikana.

Zizindikiro zimabwera patapita masiku angapo. Galu amafooka, amapuma mwawefuwefu, nkhama zake zimayera, ndipo mkodzo umakhala wofiira kapena wakuda ngati tiyi. Matenda obwera ndi nkhupakupa amaonekanso chimodzimodzi, choncho muuzeni mlangizi wa ziweto zimene galuyo wadya sabata yonseyo, osati dzulo lokha.

Amphaka ali ndi mdani wawo wapadera, amene ndi maluwa akuluakulu onunkhira a mtundu wa Lilium, omwe amapezeka m'maluwa ogula a paukwati ndi nkhata za pamaliro m'mizinda. Tsamba limodzi, ufa wachikasu wa duwalo umene mphaka wanyambita paubweya wake, kapena madzi a m'botolo limene munaikamo maluwawo, zikhoza kupha impso zake m'masiku atatu. Mphaka amasanza, amaoneka ngati wachira, kenako amasiya kudya ndi kukodza. Nthawi zambiri amapulumuka akaikidwa diripi pasanathe maola 18. Agalu sawonongeka impso ndi maluwa amenewa. Ngati muli ndi mphaka, maluwawa asalowe m'nyumba.

M'dera lolima fodya ngati Mchinji, kumbukiraninso kuti fodya ndi chomera cha poizoni. Mwana wokwawa amene watafuna ndudu imodzi, zotsalira zake zingapo kapena fodya wopera amayamba kusanza, kuchucha dovu ndi kutuluka thukuta pasanathe ola, ndipo afunika kuonedwa kuchipatala. Poizoni wake amalowanso pakhungu kuchokera kumasamba aawisi onyowa, choncho m'chigafa si mogonekamo mwana kapena moswera galu.

Galu akamachucha dovu, samalani

Galu amene wadya chomera cha poizoni amachucha dovu, amasanza, nthawi zina amanjenjemera. Galu wachiwewe amachuchanso dovu. Galu amene wadya tameki kapena mankhwala ena a makoswe amateronso. Musalowetse dzanja m'kamwa mwa galu wotere, makamaka ngati sanabayidwe katemera wa chiwewe kapena khalidwe lake lasintha. Mutsekereni, chotsani ana pafupi, ndipo itanani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Okhala ku Lilongwe angathe kupita kuchipatala cha ziweto, monga cha bungwe la LSPCA.

Musanayambe kuloza chala mnzanu woyandikana naye kuti wakupherani galu, zungulirani pakhomo. Masamba otafunidwa, mizu yofukulidwa kapena njere m'masanzi zikhoza kukuuzani zoona. Ngati galu wapeza poizoni pamalopo, mwana wanu akhozanso kumupeza mawa.

Zimene simuyenera kuchita

Musakakamize mwana kusanza pomulowetsa chala kukhosi. Masanzi akhoza kulowa m'mapapo, ndipo utomoni wowotcha umawotchanso potuluka. Musam'mwetse madzi a mchere wambiri, chifukwa mchere wokhawo ukhoza kupha mwana kapena galu. Mkaka, mafuta ophikira ndi mazira aawisi sizipha poizoni aliyense mwa amene tatchulawa, zimangokutayitsani nthawi. Makala amene amaperekedwa kuchipatala ndi opangidwa mwapadera kuti agwire poizoni m'mimba, ndipo amagwira bwino ntchito akaperekedwa msanga. Makala a pambaula sagwira ntchito imeneyo. Mwana amene akuwodzera kapena akukomoka musam'patse chilichonse chakumwa, m'gonekeni chammbali popita naye kuchipatala. Galu kapena mphaka musam'patse panado, chifukwa kwa mphaka ngakhale kachidutswa ka piritsi kamapha.

Ngati muli kutali ndipo mukufuna malangizo uku mukusaka njinga kapena galimoto, imbani 929, nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni.

Kodi mitengoyi idulidwe yonse?

Ayi. Mpanda wa nkhadze kapena msatsimanga wozungulira dimba lakutali uli ndi ntchito yake. Yang'anani malo amene mwana wosakwana zaka zisanu amafika yekha: pabwalo, kuseri kwa khitchini, panjira ya kuchitsime ndi pasukulu ya mkombaphala. Pamalo oterowo zulani nsatsi zisanabereke. Oliyanda muchotseni ndi mizu yomwe, mutavala magolovesi kapena mapepala a pulasitiki m'manja, ndipo zodulazo zikwiriridwe. Msatsimanga wapafupi ndi nyumba muziuthyola zipatso zikadali zobiriwira ndi kusesa zogwa pansi. Posadza nkhadze, ana akhale kutali ndipo inu mutchinge maso. Miphika ya maluwa ikhale pamwamba pamene wokwawa safika.

Ana a zaka zisanu kupita m'tsogolo atengeni mukawaonetse mitengoyo ndi njere zake, muwauze dzina la uliwonse ndi zimene umachita m'thupi. Iwowa ndi amene amatsala ndi ang'ono awo inu mukapita kumunda. Auzeninso kuti wina akadya njere, amene adzathamange kudzanena sadzakwapulidwa.